Mmene Gitala Yamagetsi Inaphunzirira Chinyanja

Omvera wailesi amene anakulira ku Kanjedza, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 amakumbukira kulira kwa gitala yamagetsi kumene kunkatuluka m'mawindo a nyumba madzulo a Loweruka. Nyimbozo zinkatchedwa za roko, ndipo akuluakulu ambiri ankaziyesa phokoso la Azungu losokoneza ana. Koma zaka khumi zisanathe, gitala yomweyo inayamba kuperekeza mawu a Chinyanja, a Chibemba ndi a Chishona, ndipo ng'oma za bandi zinayamba kuyenda ngati ng'oma za kumudzi. Kusinthaku kunaoneka bwino koposa kwa anansi a ku Zambia, kumene kunabadwa mayimbidwe otchedwa Zamrock. Mbiri yake ikuthandiza kumvetsa chimene chimachitika nyimbo yachilendo ikafika pakati pa anthu amene ali kale ndi ng'oma zawo, ndiponso chifukwa chake mzinda wa Blantyre unayenda njira yosiyana ndi ya Lusaka ndi Kitwe.

Nyimbo za roko zinayamba ku Amereka m'zaka za m'ma 1950. Muzu wake waukulu unali mayimbidwe a anthu akuda a kumeneko, zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuchokera kuno ku Afirika. Oimba monga Chuck Berry ndi Little Richard ndiwo anaumba mayimbidwewa, ndipo Elvis Presley anawafikitsa m'nyumba za Azungu. M'zaka za m'ma 1960 anyamata a ku Mangalande, monga a gulu la Beatles ndi la Rolling Stones, anatengera mayimbidwe omwewo nawabweza ku dziko lonse. Pambuyo pawo panabwera Jimi Hendrix, amene anamwalira m'chaka cha 1970, katswiri amene ankaliza gitala mwaukali umene anthu anali asanaumvepo. Tsono pamene nyimbozi zinkafika ku Afirika, sizinali zachilendo kotheratu. Zinali ngati mdzukulu wobadwira kutali amene wabwera kudzaona kwa agogo ake atavala zovala zina.

Njira yoyamba imene nyimbozi zinadzera inali wailesi. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsa mawu ya Central African Broadcasting Station, imene inkatumikira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. M'chaka cha 1949 kunayamba kugulitsidwa kawailesi kotsika mtengo koyendera batire, kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ndipo mtengo wake unali mapaundi asanu. Kawailesi kameneka kanazoloweretsa anthu a m'makomboni ndi m'midzi kumvera nyimbo za gitala, makamaka za Alick Nkhata, amene ankaimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Anthu atazolowera kupotokola kabatani, anapezanso nyumba zina zoulutsa mawu. Yotchuka kwa achinyamata inali LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, imene inkaulutsa nyimbo zatsopano za ku Amereka ndi ku Mangalande kufikira chaka cha 1975.

Njira yachiwiri inali anthu apaulendo. Amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi Ndola, ankabwerako ndi galamafoni, mbale zake, ndipo ena ndi gitala. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, katundu ndi anthu zinkayenda mosavuta pakati pa maiko atatuwa. Mbale yaing'ono yozungulira ka 45 pa mphindi imodzi, yokhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse, inkatha kuzungulira komboni yonse, nyumba ndi nyumba, mpaka kukalika.

Poyamba anyamata a m'matauni ankangotsanzira. Ankaika mbale pa galamafoni, kumvetsera kambirimbiri, kufunafuna pa nsambo za gitala pamene pakutuluka mawu ofanana, ndi kuloweza Chingerezi chimene nthawi zina sankachimva tanthauzo lake. Magulu otere ankaimba m'mahotela, m'maholo a migodi ndi pa madansi a masana. Ku Kitwe mnyamata wina, Emmanuel Chanda, ankavina ndi kudumpha pa nsanja ngati Mick Jagger wa Rolling Stones, kotero kuti anzake anamupatsa dzina lochokera kwa woimbayo, limene pambuyo pake linakhala Jagari. Iyeyu ndiye anadzakhala mtsogoleri wa nyimbo m'gulu la WITCH. M'chaka cha 1970 James Brown wa ku Amereka anadzaimba ku Zambia, ndipo oimba ambiri a kumeneko anaonera ndi maso awo mmene munthu wakuda angagwedezere bwalo lonse ndi ng'oma, besi ndi mawu ake.

Kutsanzira kokha sikukanabala chinthu chatsopano. Ku Zambia kunali zinthu zitatu zimene zinakumana pa nthawi imodzi. Choyamba chinali ndalama za mkuwa. Dzikolo litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mtengo wa mkuwa unali wabwino kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo anthu ogwira ntchito m'migodi ankalandira malipiro okwanira kulipira pakhomo pa dansi ndi kugula chimbale kumapeto a mwezi. Chachiwiri chinali malo ojambulira ndi kudinda mbale. Ku Chingola kunali situdiyo ya Malachite, ku Lusaka kunali ya dB, ndipo ku Ndola kampani ya Teal inakhazikitsa makina odindira mbale. Makinawo asanayambe kuwathandiza, oimba ankanyamula tepi mpaka ku Nairobi kukadinditsa, monga anachitira a WITCH ndi chimbale chawo choyamba cha Introduction. Ku Ndola komweko Edward Khuzwayo anatsegula kampani ya Zambia Music Parlour, imene inatulutsa zimbale za magulu ambiri. Chachitatu chinali lamulo. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo zikhale za eni dziko. Mwadzidzidzi wailesi inasowa nyimbo zokwanira kudzaza maola ake, ndipo gulu lililonse lokhala ndi nyimbo yopeka lokha linapeza khomo lotsegula.

M'chaka cha 1975 munatuluka zimbale zitatu zimene zimakumbukidwa mpaka lero. Gulu la WITCH linatulutsa Lazy Bones!!, gulu la Amanaz linatulutsa Africa, ndipo gulu la Musi-O-Tunya, limene Rikki Ililonga anali mmodzi mwa oliyambitsa, linatulutsa Wings of Africa. Dzina loti Zamrock ambiri amati linatchuka kudzera mwa Mannasseh Phiri, amene ankaulutsa nyimbo pa wailesi ndipo anali dokotala. Nyimbo zambiri za m'zimbalezi zinali zikadali m'Chingerezi. Pa chimbale cha Amanaz, mwachitsanzo, nyimbo za Chibemba zinali zochepa chabe. Munthu amene anakokera mayimbidwewa pafupi kwambiri ndi anthu wamba olankhula Chinyanja anali Paul Ngozi.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anabadwa m'chaka cha 1949. Anaimbako m'gulu la Musi-O-Tunya asanayambitse gulu lake la Ngozi Family. Mtima wa gululi unali zipangizo zitatu zokha: gitala ya Paulo mwini wake, besi ya Tommy Mwale, ndi ng'oma za Chrissy Zebby Tembo. M'chaka cha 1976 anatulutsa chimbale cha Day of Judgement, ndipo m'chaka cha 1977 anatulutsa 45,000 Volts, mmene muli nyimbo yotchedwa Nizakupanga Ngozi. Dzina la nyimboyi palokha likuonetsa chilankhulo chimene ankaimbira. Munthu wa ku Dowa kapena ku Dedza akanati "ndidza-", koma wa ku Lusaka amati "niza-". Chimenechi ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanizika ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, chimene amalankhula pa msika ndi pokwerera mabasi. Paul Ngozi sanafune chilankhulo cha m'buku la kusukulu. Ankaimba za khalidwe la anthu m'makomboni, za m'mabanja ndi za mavuto a m'tauni, m'mawu amene eni mavutowo ankalankhula.

Kusintha chilankhulo cha nyimbo si kungochotsa liwu la Chingerezi ndi kuikapo la Chinyanja. Mawu ambiri a Chingerezi ndi aafupi, a phatikizo limodzi, ndipo mzere wa nyimbo ya roko kawirikawiri umathera pa liwu lolemera limene limagwa pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma. Liwu la Chingerezi lotanthauza chikondi lili ndi phatikizo limodzi, pamene "chikondi" lili ndi atatu: chi-ko-ndi. Komanso mawu a Chinyanja amathera pa lembo la liwu, ndipo kumapeto a chiganizo mphamvu imagwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, limene limatalikitsidwa pang'ono. Munthu akati "madzi" amakoka "ma", akati "kudandaula" amakoka "u". Woimba akakakamiza liwu lotere kuti lithere pa kugunda kwa ng'oma monga m'Chingerezi, mphamvu imagwa pa phatikizo lomaliza, ndipo omvera amazindikira msanga kuti zikumveka ngati mlendo amene akuphunzira chilankhulo. Kuti zimveke bwino, woimba ayenera kuika phatikizo lokokedwalo pa kugunda, ndi kusiya lomalizalo ligwe mopepuka pambuyo pake. Potero mzere wonse umasuntha malo, ndipo woimba besi ndi wa ng'oma amayenera kusuntha nawo.

Palinso nkhani ya kukwera ndi kutsika kwa mawu. Liwu loti "mtengo" likhoza kutanthauza chomera cha m'nkhalango kapena ndalama zogulira chinthu, malinga ndi mmene munthu wakwezera kapena kutsitsira mawu ake. Chimodzimodzinso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. Wopeka nyimbo m'Chinyanja sangakweze ndi kutsitsa mawu mmene angafunire osasamala za zimenezi, chifukwa nyimboyo imamveka yopotoka ngakhale tanthauzo litadziwika. N'chifukwa chake nyimbo za roko zoimbidwa m'zilankhulo za kuno zimayenda pafupi ndi kalankhulidwe, mizere yake imayambira pamwamba ndi kutsetsereka, ndipo zimakonda kuti mmodzi atsogole ena avomere, monga zimakhalira pa mtondo kapena pa bwalo la chimtali.

Kusintha kwachiwiri kunali m'ng'oma. Nyimbo ya roko ya m'zaka za m'ma 1960 imawerengedwa kanayi: 1, 2, 3, 4. Ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imalira pa 1 ndi pa 3, ng'oma yaing'ono yothetheka imalira pa 2 ndi pa 4, ndipo kugunda kulikonse kumagawidwa pawiri, kotero kuti timagawo tonse timakwana 8. Magule ambiri a m'chigawo chino amaponda kanayi momwemo, koma kuponda kulikonse kumagawidwa patatu, ndipo timagawo timakwana 12. Ubwino wa 12 ndi woti akhoza kugawidwa m'magulu anayi a titatutitatu kapena m'magulu atatu a tinayitinayi. Tsono ng'oma imodzi ikhoza kuyenda kanayi pamene manja akuomba katatu pa nthawi yomweyo, ndipo ziwirizo zimakumana poyambira pokha. Kukokanakokana kumeneku ndiko kumachititsa chiuno ndi mapewa kuyenda mosiyana. Womvera akhoza kuyesa yekha: aponde phazi motsata nyimbo, kenaka awerenge timagawo ta pakati pa kuponda kumodzi ndi kunzake. Tikakhala tiwiri, ng'omayo ikutsata roko. Tikakhala titatu, yabwerera kumudzi. Oimba a Zamrock ankayenda pakati pa ziwirizi. Nyimbo zambiri za Ngozi Family zinasunga kuwerenga kwa roko, pamene a Musi-O-Tunya ankawonjezera ng'oma zoimba ndi manja, ndipo a WITCH pa chimbale cha Lukombo Vibes cha 1976 anayandikira kwambiri kayendedwe ka magule a makolo.

Chinthu chachitatu chinali kulira kwa gitala. Oimba a Zamrock ankakonda kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fazi, kamene kamaphwanya mawu a gitala kuti atuluke okhakhala ndi onjenjemera ngati gulu la njuchi. Ku Ulaya kulira kotere kunkaoneka ngati kupanduka. Koma khutu la kuno linali litazolowera kale mawu onjenjemera. Opanga kalimba amamangirira tizitsulo kapena tizitsekerero ta mabotolo kuti tizinjenjemera, ndipo opanga ulimba wa zikwa amamata kachikopa kopyapyala ka dzira la kangaude pa bowo la chikwa kuti mawu azituluka ndi kunjenjemera komweko. Tsono fazi anapeza malo okonzedwa kale.

Zofanana ndi zimenezi zinkachitikanso kwina. Ku Southern Rhodesia, Thomas Mapfumo anayamba ndi kuimba nyimbo za Elvis Presley ndi anzake. Ali m'gulu la Hallelujah Chicken Run Band pa mgodi wa Mhangura m'zaka za m'ma 1970, iye ndi woimba gitala Joshua Dube anayamba kusamutsira mayimbidwe a mbira pa gitala, akumagwira nsambo ndi chikhatho kuti mawu aziduka msanga ngati a mbira, ndi kuimba m'Chishona. Mayimbidwewo anadzatchedwa chimurenga. Ku London, oimba a ku Ghana monga Teddy Osei anayambitsa gulu la Osibisa m'chaka cha 1969, losakaniza roko ndi ng'oma za kwawo, ndipo ku Nigeria magulu monga BLO ndi Ofege anatchuka nkhondo ya Biafra itatha m'chaka cha 1970.

Nanga ku Blantyre? Nyimbo za roko zinafika m'makomboni a mzindawu pa nthawi yomweyo ndi kudzera m'njira zomwezo. Ku Chileka, abale awiri Daniel ndi Donald Kachamba ankaimba kwela ndi gitala wamba, chitoliro chachitsulo ndi besi ya nsambo imodzi, ndipo pakati pa mayimbidwe awo panali sinjonjo, simanjemanje ndi thwisiti, dansi imene inachokera ku Amereka. M'tauni, Morson Phuka anatchuka ndi gulu la Jazz Giants, kenaka ndi la New Scene, limene limakumbukidwa chifukwa cha mayimbidwe otchedwa afroma, osakaniza roko, nyimbo za anthu akuda a ku Amereka ndi magule a ku Malawi. Nyumba ya wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964 ndipo inali pa Chichiri, kufupi ndi Kanjedza, inali ndi bandi yakeyake imene inkatenga nyimbo za makolo ndi kuziimba ndi zipangizo zamagetsi. Pambuyo pake kunabwera magulu monga Kalimba ndi Makasu, ndipo Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River anaimba za moyo wa tsiku ndi tsiku m'Chichewa.

Komabe afroma sanasiye mulu wa zimbale wonga wa Zamrock, ndipo zifukwa zake ndi zitatu zomwe zija zitatembenuzidwa. Malawi analibe migodi yolipira anthu zikwizikwi pamalo amodzi, ndipo ambiri mwa anthu ake olandira malipiro a migodi ankalandirira kunja. Analibe makina odindira mbale, kotero kuti nyimbo zambiri zinkajambulidwa pa matepi a MBC ndi kumveka pa wailesi pokha. Woimba ankatchuka m'maboma onse koma osagulitsa kanthu. Ndipo lamulo, m'malo motsegula khomo, linkalondera pakhomo. M'chaka cha 1968 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lopereka mphamvu kwa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo m'chaka cha 1973 linakhazikitsa lamulo la kavalidwe. Akazi analetsedwa kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Woimba wa ku Kitwe ankatha kukwera pa nsanja ndi tsitsi lanyankhalala ndi kukuwa mmene wafunira, pamene mnzake wa ku Blantyre ankayenera kuoneka waulemu ndi kusankha mawu mosamala. Motero gitala yamagetsi ya ku Malawi inakula yofatsa, yomveka mwauwisi, yoperekeza nyimbo za malangizo ndi za chikondi, mmene zobisika zinkanenedwa mophiphiritsa.

Nyengo ya Zamrock nayo sinakhalitse. Kuyambira chaka cha 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, mafuta anali atakwera mtengo, ndipo ndalama zakunja zogulira nsambo, zokuzira mawu ndi zipangizo zodindira mbale zinayamba kusowa. M'chaka cha 1978 ndege za asilikali a ku Rhodesia zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu pafupi ndi Lusaka, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi anapha madansi amene ankadyetsa oimba. Nyimbo za disiko zinalanda achinyamata, ndipo ngakhale gulu la WITCH linatembenukira komweko pa chimbale cha Movin' On cha 1980. Matepi a kaseti ojambulidwa mwakuba anachepetsanso malonda a zimbale. Kenaka matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha, ndipo ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Chimene chinalowa m'malo mwa Zamrock ku Zambia chinali kalindula, mayimbidwe ochokera ku chigawo cha Luapula, amene dzina lake ndi la besi yaikulu yopanga pamanja, mbale wake wa babatoni wa ku Malawi. Magulu monga Amayenge ndi oimba monga P.K. Chishala anasunga zipangizo zimene roko anabweretsa, gitala yamagetsi, besi ndi ng'oma za bandi, koma kayendedwe ndi chilankhulo zinakhala za kumudzi kotheratu.

Zimbale zakale zija zinagona m'makatoni kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Cha m'ma 2010 kampani ya Now-Again ya ku Amereka inayamba kuzidindanso, ndipo m'chaka cha 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za nyimbo zosankhidwa zotchedwa Welcome to Zamrock! Jagari Chanda, amene anakhalapo mphunzitsi kenaka n'kumakumba miyala yamtengo wapatali, anabwerera pa nsanja, ndipo gulu la WITCH linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango m'chaka cha 2023. M'chaka cha 2024 woimba wa ku Amereka Tyler, the Creator anatenga chigawo cha Nizakupanga Ngozi nachiika m'nyimbo yake ya Noid, kotero kuti achinyamata a ku Amereka, kumene roko anabadwira, anamva mawu a Paul Ngozi akuimba Chinyanja cha ku Lusaka, zaka 35 mwini wake atamwalira. Zimenezi zinatheka chifukwa nyimboyo inadindidwa pa chimbale chimene chinagulidwa ndi kusungidwa m'nyumba zambiri. Nyimbo zambiri za ku Blantyre za nyengo yomweyo zinajambulidwa pa tepi imodzi yokha ya wailesi, ndipo kumvekanso kwake kumadalira kuti tepi imeneyo isungidwe bwino ndi kusamutsidwa isanaonongeke.